Kuwongola mzere wokhota: logarizimu, rigiresheni ndi manambala a kalembera wa Malawi

Chiyambireni ufulu wodzilamulira, dziko la Malawi lachita kalembera wa anthu kasanu ndi kamodzi. Mu 1966 anapeza anthu pafupifupi 4.04 miliyoni, mu 1977 anapeza 5.55 miliyoni, ndipo mu 1987 anapeza 7.99 miliyoni. Mu 1998 chiwerengero chinafika pa 9.93 miliyoni, mu 2008 pa 13.08 miliyoni, ndipo mu 2018 pa 17.56 miliyoni. Mukalemba manambalawa pa girafu, zaka m'munsi ndipo anthu m'mbali, madontho ake safola mowongoka. Amayamba kukwera pang'onopang'ono kenako n'kuimirira, ngati msewu wokwera phiri la Zomba. Pakati pa kalembera woyamba ndi wachiwiri panawonjezeka anthu miliyoni imodzi ndi theka, koma pakati pa awiri omalizawo panawonjezeka mamiliyoni anayi ndi theka.

Chifukwa chake n'chodziwika: anthu akachuluka, obereka amachulukanso. Chinthu chomwe chimawonjezeka molingana ndi kukula komwe chili nako kale chimakula ngati ngongole ya katapila, momwe chiwongoladzanja nachonso chimabala chiwongoladzanja. Akatswiri a masamu amati kumeneku ndi kukula kwa ekisiponenshiyo, ndipo amakulemba chonchi:

```
y = a * e^(b*t)
```

Apa y ndi chiwerengero cha anthu, t ndi nthawi, a ndi chiwerengero cha poyambira pamene t ali 0, ndipo b ndi liwiro la kukula. Chilembo e ndi nambala yokhazikika, pafupifupi 2.718. Ntchito yathu ndi kupeza a ndi b omwe akugwirizana bwino ndi manambala asanu ndi limodzi aja.

Vuto n'lakuti b wakhala pamwamba, pamalo pomwe kuphatikiza ndi kugawa wamba sikungamufikire. Chomwe chimamutsitsa ndi logarizimu. Logarizimu ya nambala, yomwe pa kakyuleta imalembedwa `ln`, imayankha funso lakuti: kodi e timukweze pa mphamvu yanji kuti tipeze nambala imeneyi? Khalidwe lake lomwe tikulifuna pano n'limodzi lokha: imasandutsa kuchulukitsa kukhala kuphatikiza. Tikaitenga mbali zonse ziwiri za fomula yathu timapeza:

```
ln(y) = ln(a) + b*t
```

Uwu ndi mzere wowongoka. Ukuyambira pa ln(a), ndipo chaka chilichonse ukukwera ndi muyeso umodzimodzi, womwe ndi b. Mzere wowongoka tili ndi njira yakale yowupezera, yotchedwa rigiresheni: timasankha mzere womwe mipata yapakati pa iwo ndi madontho, tikaichulukitsa uliwonse ndi iwo wokha n'kuiphatikiza, ikupereka nambala yaing'ono kuposa mzere wina uliwonse.

Tisanayambe kuwerengera, tisinthe zaka. M'malo molemba 1966, 1977 ndi zinazo, tiwerenge zaka zomwe zapita kuchokera mu 1966. Chifukwa chake ndichinena posachedwa. Kenako titenge logarizimu ya chiwerengero chilichonse, ndipo tiitche z.

```
chaka    t     y       z = ln(y)
1966     0     4.04    1.396
1977    11     5.55    1.714
1987    21     7.99    2.078
1998    32     9.93    2.296
2008    42    13.08    2.571
2018    52    17.56    2.866
```

Yang'anani mzati womalizawo musanachite china chilichonse. Pafupifupi zaka 10 zilizonse z akukwera ndi nambala yoyandikira 0.3, ndipo sakuthamanga kumapeto monga amachitira y. Kukhota kuja kwatha. Apa ndi pomwe munthu amadziwira kuti fomula ya ekisiponenshiyo ndi yoyenera kuiyesa. Akanakhala kuti z nayenso akukhota, bwenzi tikuimira pomwepa.

Tsopano rigiresheni, ndipo ndi bwino kuichita ndi manja kamodzi pa moyo. Avareji ya t ndi 158 kugawa ndi 6, yomwe ndi 26.33. Avareji ya z ndi 2.153. Pa kalembera aliyense timaona kuti t wake watalikira bwanji ku avareji ya t, ndiponso z wake ku avareji ya z. Mwachitsanzo mu 1966, t ali pansi ndi 26.33 ndipo z ali pansi ndi 0.757. Tikachulukitsa ziwirizi timapeza pafupifupi 19.9. Tikachita chimodzimodzi pa makalembera onse n'kuphatikiza, timapeza 52.7. Kenako timatenga mitunda ya t yokha, kuichulukitsa uliwonse ndi iwo wokha n'kuphatikiza, ndipo timapeza 1893.3. Kukwera kwa mzere ndi kugawa yoyambayo ndi yachiwiriyo, ndipo poyambira pake timapapeza podziwa kuti mzere wa rigiresheni umadutsa nthawi zonse pomwe maavareji awiri aja akumana:

```
b     = 52.7 / 1893.3            = 0.02784
ln(a) = 2.1534 - 0.02784 * 26.33 = 1.420
a     = e^1.420                  = 4.14
```

Sitepe yomalizayo ambiri amaiwala. Rigiresheni simakupatsani a, imakupatsani logarizimu yake. Munthu akalemba kuti poyambira panali anthu 1.42 miliyoni, ndiye kuti waiwala kubwerera. Fomula yathu yonse tsopano ndi `y = 4.14 * e^(0.02784*t)`.

Nambala ya 0.02784 ikutanthauza chiyani kwa munthu wamba? Kuti mupeze kukula kwa chaka chimodzi, kwezani e pa mphamvu imeneyi n'kuchotsa 1. Mupeza 0.0282, kutanthauza 2.82 peresenti pachaka. Pano kusiyana kwa 2.78 ndi 2.82 n'kochepa, koma b akakhala wamkulu sizikhala choncho: b wa 0.5 si 50 peresenti, ndi pafupifupi 65 peresenti. Nthawi yomwe chiwerengero chimatenga kuti chiwirikize kawiri timaipeza pogawa 0.693, yomwe ndi logarizimu ya 2, ndi b. Yankho ndi zaka 24.9. Tikayang'ana pa manambala enieni zikumveka: m'zaka 52 chiwerengero chawirikiza kawiri, n'kuwirikizanso, n'kupitirirako pang'ono.

Pa Excel, zaka za t zikakhala mu B2 mpaka B7 ndipo chiwerengero mu C2 mpaka C7, lembani `=LN(C2)` mu D2 ndi kukokera pansi, kenako:

```
=SLOPE(D2:D7,B2:B7)
=EXP(INTERCEPT(D2:D7,B2:B7))
```

Woyamba akupatsani b, wachiwiri a. Palinso `LOGEST`, yemwe amachita zonsezi kamodzi, koma chenjerani kuti nambala yake yoyamba si b. Ndi e wokwezedwa pa b, choncho pa manambala athuwa muona 1.028. Mzere womwe Excel imajambula pa girafu mukasankha `Exponential` nawonso umapezeka kudzera m'malogarizimu, ngakhale kuti pa sikirini simuona logarizimu iliyonse. Zonse zomwe ndinene m'munsimu zikukhudzanso mzere umenewo.

Ndinalonjeza kufotokoza za zaka. Mukagwiritsa ntchito zaka zenizeni, b satuluka wosiyana, koma poyambira pamakhala chaka cha 0, ndipo ln(a) amatuluka pafupifupi -53.3. Apo a amakhala kanambala kokhala ndi maziro oposa 20 pambuyo pa kadontho. Masamu ake si olakwika, koma ndi osachedwa kuwonongeka. Tiyerekeze kuti mwafupikitsa b kukhala 0.028 polemba lipoti. Mwasintha ndi 0.00016 chabe. Mukachulukitsa kasinthidwe kameneka ndi t wa 52, yankho la 2018 limasuntha ndi zosakwana 1 peresenti. Mukakachulukitsa ndi 2018, yankho limakwera ndi 38 peresenti, anthu oposa mamiliyoni asanu ndi limodzi omwe kulibe. Msampha wina wofanana nawo ndi batani la `log` pa kakyuleta, lomwe limagwiritsa ntchito 10 m'malo mwa e. Nalo mzere umawongokabe, koma kukwera kwake kumatuluka 0.0121, ndipo muyenera kuchulukitsa ndi 2.303 kuti mubwerere ku b.

Kupeza a ndi b ndi theka la ntchito. Theka linalo, lomwe ine ndimaliona lofunika kwambiri, ndi kufunsa kuti mzerewu waphonya pati. Pa kalembera aliyense tichotse z wa mzere ku z weniweni. Zomwe zimatsala timazitcha zotsalira. Ubwino wa `ln` ndi wakuti chotsalira chaching'ono chimawerengeka ngati peresenti: 0.02 ndi pafupifupi 2 peresenti.

```
chaka   weniweni   wa mzere   chotsalira
1966      4.04       4.14      -0.024
1977      5.55       5.62      -0.013
1987      7.99       7.43      +0.073
1998      9.93      10.09      -0.016
2008     13.08      13.32      -0.018
2018     17.56      17.60      -0.002
```

Zisanu zili pansi pa mzere, pang'onopang'ono. Chimodzi chili pamwamba, ndipo ndi chachikulu katatu kuposa chinzake chotsatira. Mu 1987 anawerenga anthu oposa theka la miliyoni kuposa omwe mzere ukuyembekezera. Mukayang'ana liwiro la pakati pa makalembera muona zomwezo: kuchokera 1977 kufika 1987 z anakwera ndi 0.036 pachaka, koma kuchokera 1987 kufika 1998 anakwera ndi 0.020 yokha, pamene zigawo zina zonse zili pakati pa 0.027 ndi 0.030.

Aliyense amene anakulira ku Nsanje, ku Ntcheu kapena ku Dedza m'zaka zimenezo akudziwa mbali yaikulu ya yankho. Nkhondo ya ku Mozambique inali itakula, ndipo kuyambira cha mu 1986 anthu ambirimbiri anawoloka malire kuthawira kuno. Kalembera wa 1987 anawapeza ali m'dziko muno ndipo anawerengedwa. Chiwerengero chawo chinapitiriza kukwera mpaka kufika cha pa miliyoni, koma pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu 1992 ambiri anabwerera kwawo, moti kalembera wa 1998 sanawapeze. Zaka zomwezo Edzi inali ikutenga anthu ambiri, zomwe zinachepetsanso kukula kwa chiwerengero. Ndikaona +0.073 ameneyu ndimaona mabanja atasenza mitolo pamutu. Fomula sikanawadziwa, koma inasonyeza chala pa chaka chenichenicho.

Nanga tikachotsa 1987 n'kuwerengeranso? Pamenepo b amakhala 0.0281, a amakhala 4.05, pafupi kwambiri ndi 4.04 weniweni, ndipo zotsalira zonse zisanu zimatsika pansi pa 1 peresenti. Taonani kuti b sanasunthe kwenikweni. Dontho la 1987 lili chapakati pa nthawi yathu, ndipo dontho lapakati limangonyamula mzere wonse m'mwamba osaupendeketsa. Likanakhala kumapeto, ngati 2018, likanaukhotetsera kwake, monga mwana wokhala kunsonga kwa thabwa amalipendeketsa kuposa wokhala pakati. Sindikunena kuti dontho lililonse losagwirizana lizichotsedwa. Ili tili ndi chifukwa chodziwika cha m'mbiri, ndipo ngakhale zili choncho, mu lipoti ndi bwino kuonetsa mayankho onse awiri ndi kunena chifukwa chake.

Wina anena kuti R² ya mzere wathu, nambala yoyeza momwe mzere wagwirizanirana ndi madontho, yomwe imafika pa 1 akagwirizana kotheratu, ndi 0.995, ndiye tikudandauliranji? Nambala imeneyi musaikhulupirire yokha. Mutakoka mzere wowongoka pa manambala osatenga logarizimu, R² imatuluka 0.96, yomwe imaonekanso yokongola. Koma mzere umenewo umanena kuti mu 1966 munali anthu 3.05 miliyoni, mu 1998 munali 11.12 miliyoni, ndipo mu 2018 munali 16.17 miliyoni. Waphonya pansi koyambirira, pamwamba pakati, pansinso kumapeto. Zotsalira zikapanga uta chonchi, ndiye kuti mtundu wa fomula ndi wolakwika, kaya R² ikhale yotani. Komanso manambala awiriwa, 0.995 ndi 0.96, sayenera kupikisanitsidwa, chifukwa imodzi ikuyeza malogarizimu pomwe inayo ikuyeza anthu.

Apa tafika pa mfundo yomwe imabisala m'njira yonseyi. Logarizimu simangowongola mzere, imasinthanso tanthauzo la kuphonya. Kuphonya ndi anthu 100,000 mu 1966 ndi 2.5 peresenti, pomwe mu 2018 ndi 0.6 peresenti. Rigiresheni ya malogarizimu imaona kuphonya koyambako ngati kwakukulu kanayi, ndipo popeza imachulukitsa mpata ndi iwo wokha, imakulanga pafupifupi ka 19. Kunena kwina, njirayi imaganiza kuti zolakwika za muyeso wanu zimakula limodzi ndi chinthu chomwe mukuyezacho. Pa kalembera maganizo amenewa ndi omveka, chifukwa anthu akachuluka, odumphidwa nawonso amachuluka. N'chimodzimodzi ndi mitengo ya zinthu pamsika kapena kuchulukana kwa tizilombo m'labotale. Koma pali miyeso ina yomwe cholakwika chake n'chimodzimodzi kaya nambala ndi yaikulu kapena yaing'ono, ndipo pamenepo logarizimu ikhoza kukusocheretsani.

Tengani kapu ya tiyi ndi chipangizo choyezera kutentha. Manambala otsatirawa ndawapeka kuti masamu aoneke bwino. Tinene kuti m'chipinda muli madigiri 25, ndipo tiyi akuyamba pa 85. Tikuyeza mphindi 10 zilizonse n'kupeza 85, 55, 40, 32.5 ndi 28.75. Kuzizira nakonso kumatsatira ekisiponenshiyo, b wake ali pansi pa ziro. Koma mukatenga malogarizimu a manambalawa momwe alili, amatsika ndi 0.44, kenako 0.32, kenako 0.21, kenako 0.12. Mzere sunawongoke. Chalakwika n'chakuti fomula yathu imatsikira ku ziro, pomwe tiyi sazizira kufika pa ziro, amakaima pa kutentha kwa chipinda. Chomwe chikuchepa mwa ekisiponenshiyo ndi kusiyana kwa tiyi ndi chipinda. Chotsani 25 pa nambala iliyonse mupeze 60, 30, 15, 7.5 ndi 3.75, ndipo malogarizimu ake atsika ndi 0.693 ndendende nthawi iliyonse. Choncho ngati chinthu chanu chili ndi pokaima, muyenera kupadziwa ndi kupachotsa musanakhudze batani la `ln`. Rigiresheni ya mzere wowongoka singakupezereni pokaimapo.

Tsopano tinene kuti chipangizocho chimaphonya ndi digiri imodzi, kaya tiyi ndi wotentha kapena wozizira. Pa kusiyana kwa 60, digiri imodzi imasuntha logarizimu ndi 0.017 yokha. Pa kusiyana kwa 3.75, digiri yomweyo imaisuntha ndi 0.24 ikapita m'mwamba, ndi 0.31 ikapita pansi. Dontho lomalizali ndi lomwe silodalirika kwenikweni, komanso lili kunsonga kwa thabwa kuja, ndiye likhoza kupendeketsa mzere wonse. Mukapitiriza kuyeza, nthawi ina chipangizocho chidzawerenga 25 kapena 24.5, kusiyana kudzakhala ziro kapena pansi pake, ndipo Excel idzakulemberani `#NUM!` chifukwa manambala otere alibe logarizimu. Ena amathawa vutoli powonjezera 1 pa nambala iliyonse, kapena pofufuta mizere yovutayo. Zonse ziwiri zimasintha b. Kuwonjezera 1 kumapereka yankho losiyana ndi kuwonjezera 0.1, ndipo kufufuta miyeso yotsika yokha kumasiya yokwera, zomwe zimachititsa tiyi kuoneka ngati akuzizira mochedwa.

Mankhwala ake alipo awiri. Oyamba ndi kupatsa madontho aakulu mawu ambiri pa rigiresheni, molingana ndi y wochulukitsidwa ndi iye yekha, kuti tibweze zomwe logarizimu inapotoza. Achiwiri ndi kusiya malogarizimu n'kuuza kompyuta ifufuze a ndi b pa manambala enieniwo, poyesa mobwerezabwereza mpaka mipata itachepa. Pa Python zimalembedwa chonchi, t ndi y atakonzedwa kale:

```python
import numpy as np
from scipy.optimize import curve_fit

b, c = np.polyfit(t, np.log(y), 1)
bw, cw = np.polyfit(t, np.log(y), 1, w=y)
f = lambda t, a, b: a * np.exp(b * t)
p, cov = curve_fit(f, t, y, p0=[np.exp(c), b])
```

Mu `polyfit` timalemba `w=y` osati y wochulukitsidwa, chifukwa pulogalamuyo imachulukitsa yokha. Taonaninso kuti ngakhale pa njira yachiwiriyi, yankho la malogarizimu ndi lomwe tapereka ngati poyambira kufufuza. Mukapanda kupereka poyambira, `curve_fit` imayamba ndi a wa 1 ndi b wa 1, ndipo e wokwezedwa pa 52 ndi nambala yaikulu moti kufufuzako kumatha kusochera. Ine ndimachita njira zonse ziwiri n'kuyerekeza. Zikapereka b wofanana, mtima umakhala pansi. Zikasiyana kwambiri, ndimabwerera kukafunsa kuti cholakwika cha muyeso wanga chimakhala cha mtundu uti, cha peresenti kapena cha muyeso wokhazikika, chifukwa yankho la funso limeneli ndi lomwe limasankha njira.

Pali kanthu kenanso pobwerera kuchoka ku malogarizimu. Mzere umadutsa pa avareji ya z, koma mukaukweza ndi e simufika pa avareji ya y. Mumafika pa nambala yapakati, yomwe theka la miyeso lili pamwamba pake ndipo theka lili pansi, ndipo imeneyi imakhala yocheperapo. Ngati zotsalira zamwazikana mooneka ngati belu, zambiri pakati ndipo zochepa m'mbali zonse ziwiri, timakonza pochulukitsa ndi `e^(s^2/2)`, pomwe s ndi kumwazikana kwa zotsalirazo. Pa kalembera wathu s ndi 0.04, ndipo kukonzako sikufika ngakhale 0.1 peresenti. Koma s akakhala 0.5, monga zimachitikira pa miyeso yomwazikana kwambiri, avareji yeniyeni imakhala pamwamba ndi 13 peresenti, ndipo wokonza bajeti potengera mzerewo adzapeza kuti ndalama zaperewera.

Chomwe anthu amafunira fomula yotere kawirikawiri ndi kulosera. Tikaika t wa 64, chaka cha 2030, fomula yathu ikupereka 24.6 miliyoni. Tikaika t wa 134, chaka cha 2100, ikupereka anthu oposa 170 miliyoni. Nambala yachiwiriyi palibe katswiri wa za chiwerengero cha anthu amene angaivomereze, ngakhale kuti masamu ake ndi omwewo. Fomulayi ikuganiza kuti b sadzasintha, pomwe b ndi zotsatira za kubadwa, imfa ndi kusamuka kwa anthu, ndipo zitatu zonsezi zikusuntha. Kafukufuku wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti mayi mmodzi m'Malawi amabereka ana 6.7 pa avareji, koma wa 2015 mpaka 2016 anapeza 4.4. Kwa zaka zambiri kutsika kumeneku sikunaoneke mu b, chifukwa imfa za ana zinkatsikanso ndipo atsikana ofika msinkhu wobereka ankachulukirachulukira. N'chifukwa chake olosera za chiwerengero cha anthu sadalira mzere umodzi, koma amatsata misinkhu ya anthu payokhapayokha. Kalembera wotsatira akadzachitika, tengani logarizimu ya chiwerengero chatsopanocho, muchotsepo 2.866, mugawe ndi zaka zomwe zapita kuchokera mu 2018. Yankho likadzatsika moonekeratu pansi pa 0.027, ndiye kuti mzere wa malogarizimu wayamba kuwerama, ndipo a ndi b athuwa adzakhala akufotokoza zaka za 1966 mpaka 2018 zokha.